Mabanja a m'bungwe ali ndi chakudya: kodi ndi bungwelo lachititsa? Mmene mungayesere musanalembe lipoti

Pafupifupi mwezi uliwonse kumabwera munthu kunyumba kwanga kuno ku Ulongwe atanyamula laputopu. Ena ndi ophunzira amene akulemba monografiya yawo yomalizira maphunziro, ena ndi ogwira ntchito m'mabungwe othandiza alimi ku Angonia, Tsangano ndi Makanga. Onse funso lawo ndi limodzi: "Akulu, kafukufuku wanga waonetsa kuti zinthu ziwirizi zikuyendera limodzi, kodi ndilembe kuti chinachi ndiye chikuchititsa chinzake?" Ndayankha kambirimbiri, choncho ndaganiza zolemba yankholo kamodzi kuti aliyense adziwerengera yekha.

Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Manambala ake ndawakonza ndekha kuti tiphunzirirepo, sachokera m'kafukufuku weniweni, ndipo musawakopere mu lipoti lanu. Tiyerekeze kuti mwafunsa mabanja 400. Mabanja 200 ali m'bungwe la alimi (lija ena amati asosiyasawu, ena kalabu), ndipo 200 sali m'bungwe. Banja lililonse mwalifunsa ngati chimanga chawo chinafika mpaka kukolola kwina osagula kapena kupita kuganyu yofuna chakudya.

1. Yambani ndi tebulo la zinthu ziwiri, ndipo werengani maperesenti molondola

M'chitsanzo chathu, mwa mabanja 200 a m'bungwe, 148 chakudya chinawakwanira, kutanthauza 74 pa 100 alionse. Mwa mabanja 200 a kunja kwa bungwe, 100 chinawakwanira, kutanthauza 50 pa 100 alionse. Kusiyana kwake ndi mapointi 24.

Ichi ndiye chimene aphunzitsi amachitcha korelasawu m'Chipwitikizi: mukadziwa kuti banja lili m'bungwe, mutha kulosera bwinoko ngati lili ndi chakudya. Tanthauzo lake likuthera pomwepo.

Cholakwa chofala apa ndi kuwerenga maperesenti chopingasa. Ngati mukuganiza kuti bungwe ndilo likuchititsa, werengani peresenti mkati mwa gulu la mamembala palokha, kenako mkati mwa gulu la osakhala mamembala palokha, gulu lililonse likwane 100. Musafunse kuti "mwa amene ali ndi chakudya, angati ali m'bungwe", chifukwa limenelo ndi funso lina.

Chinanso ndi cha nambala ija ya p. Mukaika tebulo lathuli m'kompyuta, p atsika pansi pa 0.001, ndipo ambiri akaona zimenezo amasangalala n'kumati nkhani yatha. Koma p akungokuuzani kuti kusiyana kwakukulu chonchi sikukanabwera mwangozi kawirikawiri pa mabanja 400. Za chimene chabweretsa kusiyanako sanena kanthu. Mungafunse mabanja 40,000, p n'kutsikiratu, funso la gwero likhalabe losayankhidwa.

2. Tsekani kompyuta, tengani pepala, lembani njira zonse zimene zingabweretse kusiyanaku

Njira yoyamba ndi imene mukuiyembekezera: bungwe limathandiza mamembala kupeza mbewu, feteleza ndi malangizo, ndiye amakolola zambiri.

Yachiwiri ndi yotembenuka: chakudya ndicho chikuchititsa umembala. Aliyense wokulira kuno akudziwa mmene Januwale ndi Febuluwale amakhalira. Banja limene nkhokwe yatha limakhala kuganyu m'minda ya anthu ena, silipezeka pamisonkhano, silikwanitsa kupereka kandalama kolowera, ndipo mapeto ake limasiya bungwe kapena sililowamo n'komwe. Otsala m'bungwe ndi amene anali ndi chakudya kale.

Yachitatu ndi yakuti pali chinthu china kumbuyo chimene chikubala zonse ziwiri. Ine ndimachitcha kholo. Ana awiri a bere limodzi amafanana nkhope, koma palibe amene anapatsa mnzake nkhopeyo, onse anaitenga kwa makolo. Ubale wa mtundu umenewu ndi umene mabuku amautcha wachiphamaso: manambala ake ndi oona, bodza lili pa tanthauzo limene tawapatsa. M'nkhani yathu kholo likhoza kukhala kukula kwa munda, kukhala ndi ng'ombe zolimira ndi ngolo, kukhala ndi dimba la madzi chaka chonse, kapena kukhala pafupi ndi msewu. Mudzi wa m'mbali mwa msewu wa tala mlangizi amafikako msanga kukayambitsa bungwe, ndipo feteleza amafikanso mosavuta ngakhale bungwe palibe.

Yachinayi ndi mmene kafukufukuyo anayendera. Ngati midzi ya mamembala munaifunsa mu Juni nkhokwe zili zodzaza, ndipo midzi inayo munaifikira mu Januwale, mayankho adzasiyana chifukwa cha mwezi. Onani tsiku la mafunso ndi dzina la wofunsa pa fomu iliyonse musanapite patsogolo.

Mndandanda umenewu sutuluka m'kompyuta. Khalani pansi ndi mlangizi wa dera limenelo, nyakwawa, kapena amayi awiri atatu a m'mudzimo, muwafunse kuti: "Kodi amene amalowa m'bungweli ndi anthu otani? Amasankhidwa bwanji?" Mphindi makumi atatu za kucheza kotere zimakupatsani makolo ambiri kuposa tsiku lathunthu pa SPSS, pulogalamu ya kompyuta yosanthulira manambala.

3. Gawani tebulo kuti muyerekeze ofanana okhaokha

Mawu akuti kukontorola chinthu amaopsa anthu, koma tanthauzo lake ndi ili: kuchigwira kuti chisasinthe, n'kuyang'ananso ubale uja pakati pa mabanja ofanana pa chinthucho. Tiyeni tigwire kukula kwa munda. Tigawe mabanja pawiri: a munda wa mahekitala 2 kapena kuposa, ndi a munda wochepera apo.

A munda waukulu, mamembala: 126 mwa 150 chakudya chinakwanira, 84 pa 100.
A munda waukulu, osakhala mamembala: 40 mwa 50, 80 pa 100.
A munda waung'ono, mamembala: 22 mwa 50, 44 pa 100.
A munda waung'ono, osakhala mamembala: 60 mwa 150, 40 pa 100.

Werengetsani nokha: 126 ndi 22 zikupanga 148 uja, 40 ndi 60 zikupanga 100 uja. Palibe banja lachotsedwa. Koma taonani kusiyana kwa mapointi 24 kuja: pakati pa a munda waukulu kwatsala 4, pakati pa a munda waung'ono kwatsalanso 4.

Nanga mapointi 20 apita kuti? Mwa mamembala, atatu mwa anayi alionse ali ndi munda waukulu, pomwe mwa osakhala mamembala ndi mmodzi yekha mwa anayi. Ndipo munda waukulu pawokha ukukweza mwayi wa chakudya ndi mapointi 40 (80 poyerekeza ndi 40 kunja kwa bungwe, 84 poyerekeza ndi 44 mkati). Tebulo loyamba lija timaganiza kuti tikuyerekeza mamembala ndi osakhala mamembala, chonsecho kwenikweni timayerekeza a minda ikuluikulu ndi a minda ing'onoing'ono.

Mu SPSS pitani pa Analyze, Descriptive Statistics, Crosstabs. Bungwe liikeni pa Row(s), chakudya pa Column(s), munda pa Layer, ndipo pa Cells chongani Row. Mu pulogalamu ya R, ngati mayankho mwawalemba 0 ndi 1 m'tebulo lotchedwa d:

```
ftable(xtabs(~ munda + bungwe + chakudya, data = d))
lm(chakudya ~ bungwe, data = d)
lm(chakudya ~ bungwe + munda, data = d)
```

Mzere wachiwiri ukupatsani 0.24 pa bungwe, wachitatu 0.04. Mizere iwiri ya lm imeneyi ndiyo rigireshoni, ndipo ikuchita ntchito yomweyo imene tachita pamanja, kungoti imatha kugwira zinthu zingapo nthawi imodzi. Ndikukupemphani kuti mupange matebulo kaye, chifukwa tebulo limakuonetsani mabanja enieni amene ali m'bokosi lililonse, pomwe rigireshoni imabisa zimenezo.

Sikuti nthawi zonse kusiyana kumazimirira. Nthawi zina kumakhala pomwepo, zomwe zikutanthauza kuti chinthu chimene mwagwiracho sichinali kholo. Nthawi zina kumapezeka m'gulu limodzi lokha, mwachitsanzo bungwe n'kumathandiza a minda ing'onoing'ono okha, ndipo zikatero musaphatikize, lembani magulu awiriwo padera. Kumathanso kutembenukiratu, zimene zimadziwika ndi dzina la Edward Simpson amene analemba za izi mu 1951.

4. Dziwani ngati chinthu chachitatucho ndi kholo, mlatho kapena mwana

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene malipoti ambiri amaonongekera. Anthu amaphunzira kuti kukontorola n'kwabwino, ndiye amatenga mafunso onse a pa fomu n'kuwathira mu rigireshoni ngati akuthira ndiwo zonse mumphika umodzi. Inenso ndinachitapo zimenezi pa ntchito ina ndili wachinyamata, ndipo ndinatsala pang'ono kulemba kuti ntchito ya anthu inalibe phindu pomwe inali nalo.

Bwererani ku mizere inayi ija ya mu sitepe 3. Fufutani mawu akuti "munda waukulu" mulembe "anathira feteleza", fufutaninso "munda waung'ono" mulembe "sanathire feteleza". Manambala asiyeni chomwecho. Kusiyana kwa 24 kwatsikanso kufika pa 4. Kodi tinene kuti bungwe lilibe ntchito, nkhani ndi feteleza basi?

Ayi. Ngati mamembala amapeza fetelezayo kudzera m'bungwe, pogula pamodzi kapena pangongole, ndiye kuti feteleza ndi mlatho umene thandizo la bungwe limaolokera kukafika munkhokwe. Mukagwira mlatho kuti usasinthe, mwatseka njira imene bungwe limagwirira ntchito, kenako n'kudabwa kuti silikugwira ntchito. Pamenepa tanthauzo loona la tebulo ndi lakuti bungwe limathandizadi, ndipo mbali yaikulu ya thandizolo imadzera m'feteleza.

Ndikufuna muime pamenepa kanthawi. Manambala ndi amodzimodzi, dontho ndi dontho, koma ziganizo ziwirizi n'zotsutsana. Pa munda tati ubale unali wachiphamaso. Pa feteleza tati ubale ndi weniweni ndipo tapeza njira yake. Palibe pulogalamu ya kompyuta imene ingasiyanitse ziwirizi poyang'ana manambala okha. Paul Lazarsfeld ndi Patricia Kendall, amene anafotokoza njira yogawa matebuloyi mu 1950, anaika kusiyanaku pa nthawi: kodi chinthu chachitatucho chinalipo chija mukuchiganizira chisanachitike, kapena chinabwera pambuyo pake? Kholo limakhalapo mwana asanabadwe. Mlatho umabwera pakati.

Choncho pa chinthu chilichonse chimene mukufuna kukontorola, dzifunseni mafunso awiri. Kodi chinalipo banjali lisanalowe m'bungwe? Kodi kulowa m'bungwe kukanatha kuchisintha? Msinkhu wa mutu wa banja, kalasi imene analekezera sukulu, mtunda wa kumsewu, ndi munda umene anasiyiridwa ndi makolo, zonsezi bungwe silingazisinthe, ndipo mungazigwire mtima uli m'malo. Feteleza wa chaka chino, mbewu yamakono, maulendo a mlangizi, ndalama za zogulitsa, njinga yamoto yogulidwa chaka chatha, izi zitha kukhala zipatso za bungwelo.

Ngakhale munda womwewo uli ndi msampha. Ngati fomu yanu inafunsa kuti "chaka chino mwalima malo aakulu bwanji", yankholo silingadaliridwe ngati kholo, chifukwa munthu atalowa m'bungwe n'kupeza ngongole atha kubwereka malo ena n'kuwonjezera. Funso loyenera ndi lakuti "musanalowe m'bungwe, kapena zaka zitatu zapitazo, munkalima malo aakulu bwanji", ndipo chaka chomwecho mufunsenso osakhala mamembala. Funso limeneli liyenera kulowa pa fomu musanapite kumudzi, chifukwa mukabwerako simungalipangenso.

Tsopano mwana. Ichi ndi chinthu chimene chimabadwa kuchokera ku zinthu ziwiri, ndipo ndi choopsa chifukwa mukachigwira mumapanga ubale umene panalibe. Tiyerekeze kuti wobwereketsa ndalama amapereka ngongole kwa munthu amene ali m'bungwe, kapena kwa amene ali ndi ng'ombe zoikira chikole. Inu mwatenga mndandanda wa olandira ngongole n'kufunsa okhawo, poti mndandandawo unali wosavuta kupeza. Pa mndandandawo aliyense amene sali m'bungwe ndi mwini ng'ombe, apo ayi sakanapezekapo. Mamembala ndi osakanikirana, olemera ndi osauka. Mukayerekeza, osakhala mamembala adzaoneka odya bwino, ndipo mudzalemba kuti bungwe likusaukitsa anthu. Chonsecho vuto lachokera pa khomo limene munalowera. Zimachitikanso mukafunsa okhawo amene abwera kudzagulitsa kachewere kapena soya pamsika, kapena mukaika "analandira ngongole" mu rigireshoni.

Njira imene ndimalimbikitsa ndi yojambula. Lembani bungwe kumanzere kwa pepala, chakudya kumanja, ndipo chinthu chilichonse chachitatu chijambulireni mivi. Ngati mivi ikuchoka pa icho kupita ku bungwe ndi ku chakudya, ndi kholo, chigwireni. Ngati muvi ukulowa kuchokera ku bungwe n'kutuluka kupita ku chakudya, ndi mlatho, chisiyeni pamene funso lanu ndi lakuti bungwe limathandiza motani lonse. Ngati mivi ikungolowa, chisiyeni ndithu. Pepala limeneli muliike mu lipoti, kuti wotsutsa adziwe muvi umene akutsutsa.

5. Onani ngati kholo munaliyeza bwino, ndi ngati mabokosi ali ndi anthu okwanira

Kholo loyezedwa molakwika limagwidwa theka, ndipo theka lotsalalo limaoneka ngati mphamvu ya bungwe. Kuno kumalire vuto ili ndi la tsiku ndi tsiku. Boma la Mozambiki limayeza m'mahekitala, koma alimi ambiri a kufupi ndi Dedza ndi Ntcheu amayankha m'maekala, ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Wofunsa akalemba "3" osalemba muyeso, banja la hekitala imodzi ndi kachidutswa lilowa m'gulu la minda ikuluikulu. Chimodzimodzi ngolo, thumba ndi ndowa: ngolo ya chimanga chosasenda si yofanana ndi matumba a chotongola.

Kugawa pawiri kokha nakonso kumasiya mpata. M'gulu la "mahekitala 2 kapena kuposa" muli wa 2 ndi wa 6. Ngati mamembala ndiwo ali chakumtunda, mapointi 4 otsala aja atha kukhala mundabe. Yesani magulu atatu kapena anayi, kapena ikani mahekitala enieni mu rigireshoni.

Koma mukamagawagawa mabokosi amachepa anthu. Taonani bokosi la mamembala a munda waung'ono, muli mabanja 50 okha. Kusiyana kwa 44 ndi 40 ndi mabanja awiri basi: akanakhala 20 m'malo mwa 22, kusiyanako kukanatheratu. Pa mabanja 50, peresenti ngati 44 imatha kusewera ndi mapointi pafupifupi 14 uku ndi uku. Choncho pa 4 ameneyu simunganene kuti bungwe likuthandiza, komanso simunganene kuti silikuthandiza. Ndipo ngati mwapeza bokosi lopanda munthu, mwachitsanzo palibe membala aliyense wa munda wochepera theka la hekitala, ndiye kuti za mabanja oterowo kafukufuku wanu alibe chonena, ngakhale rigireshoni ikupatseni nambala.

6. Ganizirani makolo amene simunawafunse

Mutha kugwira chokhacho chimene chili pa fomu. Khama la munthu, thanzi la pabanja, chonde cha nthaka, ubale ndi amfumu, izi kawirikawiri sizikhalapo, koma zimakhudza umembala ndi zokolola zomwe. Ichi n'chifukwa chake kafukufuku wofunsa anthu kamodzi kokha sangatsimikizire gwero kotheratu. Chimene chimatseka makolo onse, odziwika ndi osadziwika, ndi kuchita maere posankha olandira thandizo, chifukwa maere sadziwa kuti uyu ali ndi ng'ombe. Ngati bungwe lanu silingafikire midzi yonse chaka chimodzi, kuchita maere pa midzi yoyambira ndi chilungamo komanso kumakupatsani magulu oyerekezeka. Zikakanika, kufunsa mabanja omwewo kawiri, asanalowe ndi atalowa, pamodzi ndi mabanja amene sanalowe, kumachotsa makolo amene sasintha ndi nthawi.

Izi sizikutanthauza kuti popanda maere palibe chodziwika. Palibe amene anachita maere kuti ena asute fodya, komabe tikudziwa kuti fodya amayambitsa khansa ya m'mapapo. Richard Doll ndi Austin Bradford Hill ataonetsa ubalewu mu 1950, katswiri wa manambala Ronald Fisher anatsutsa kuti mwina pali chibadwa chimene chimapatsa munthu chilakolako cha fodya ndi khansa yomwe. Jerome Cornfield ndi anzake anayankha mu 1959 ndi masamu: ngati osuta amadwala kuchulukitsa kasanu ndi kanayi, kholo lobisikalo liyenera kupezeka mwa osuta kuchulukitsa kasanu ndi kanayi kapena kuposa, ndipo chibadwa chotere sichinapezeke. Phunziro lake kwa inu ndi la kukula kwa kusiyana. Kusiyana kwakukulu kumafuna kholo lamphamvu kwambiri kuti kufufutike. Mapointi 4 athuwa kholo laling'ono, monga dimba limene simunafunse, litha kuwameza.

7. Lembani chimene mwapeza m'mawu olingana ndi umboni

Pewani mawu akuti "bungwe lachititsa", "lakweza", "lachepetsa njala", kapena liwu lija la impakitu limene opereka ndalama amalikonda. Ndikudziwa kuti abwana amafuna chiganizo champhamvu, koma nambala ya 24 ikafika pa tebulo la opanga ziganizo, adzatsegula mabungwe m'midzi ya minda ing'onoing'ono akuyembekeza kuti mabanja 74 pa 100 adzakhala ndi chakudya, pomwe tebulo lanu lomwe likuti 44.

Perekani manambala onse awiri, tchulani chimene munagwira, chifukwa chake, ndi chimene simunathe kuchigwira. Pa chitsanzo chathu ndikanalemba motere: "Mabanja a m'bungwe amene chakudya chinawakwanira anali 74 pa 100, poyerekeza ndi 50 pa 100 a kunja kwa bungwe. Titayerekeza mabanja a minda yofanana kukula, monga inalili asanalowe m'bungwe, kusiyanaku kunatsika kuchoka pa mapointi 24 kufika pa 4, ndipo pa chiwerengero cha mabanja amene tinafunsa, 4 ameneyu sitingamusiyanitse ndi ziro. Feteleza sitinamukontorole chifukwa mamembala ambiri amamupeza kudzera m'bungwe. Za madimba ndi ng'ombe sitinafunse, ndipo tikupempha kuti mafunso amenewa adzalowe pa fomu ya ulendo wotsatira."